Netiweki ikaduka pakati, ndalama za mayi zipite kuti?

Tiyerekeze kuti kampani ikufuna kuwonjezera pa pulogalamu yake ya ndalama za pafoni njira yosonkhera ku banki m'khonde. Opanga mapulogalamu asanagwire kompyuta, wina amayamba walemba kankhani kakafupi kamene iwo amati yuza sitori. Kalembedwe kake kanayambira ku kampani ya Connextra ku London mu 2001, ndipo kamayankha mafunso atatu: ndani, akufuna chiyani, kuti apindulenji?

Kathu kangamveke chonchi: "Ine monga membala wa banki m'khonde, ndikufuna kutumiza masheya anga pafoni, kuti Lachisanu ndisamasiye benchi langa la tomato." Simukumvamo za mabatani kapena mitundu ya zilembo. Zimenezo amisiri adzaona okha.

Kulemba chiganizo chimenechi n'kosavuta. Thukuta lili pa mfundo zolandirira ntchito, zimene woyesa pulogalamu amadzagwiritsa ntchito ponena kuti "yatheka" kapena "ibwerere". Wina akalemba kuti "ndalama zizipita msanga", walemba zopanda mutu, chifukwa msanga wa wopanga si msanga wa mayi amene akudikira uthenga kasitomala ali chilili. Lembani kuti uthenga wotsimikiza uzifika pasanathe masekondi 30, aliyense athe kuyeza ndi wotchi.

Ambiri amatsata kalembedwe kamene anatchukitsa Dan North, kofotokoza mmene zinthu zilili, chimene munthu wachita, ndi chotsatira chake. Tingoyerekeza kuti mtengo wotumizira ndi K200:

```
Given Mayi ali ndi K12,000
When atumiza K5,000 ku gulu
Then atsala ndi K6,800
And gulu lilandira K5,000
```

Apa zonse zayenda bwino, ndipo olemba aulesi amalekera pomwepa. Nanga mayi akakhala ndi K5,100 yokha? Mfundo inene poyera kuti pulogalamu ikane, isadule ngakhale tambala, ndipo iwauze kuti ikuperewera K100.

Koma pamene ndalama za anthu zimatayikira kwenikweni m'pa netiweki. Mayi alemba nambala yachinsinsi, adina, foni n'kungozungulira osayankha. Ndani sangadinenso? Ngati palibe amene analemba za zimenezi, wopanga amangoganiza yekha, ndipo mwina K10,400 ichoka m'malo mwa K5,200. Mayi adzazindikira madzulo, powerengera ya ndiwo. Ndiye mfundo ikhalepo: pempho limodzimodzi likafika kawiri, ndalama zichoke kamodzi, zikachoka koma osafika ku gulu, zibwerere kwa mwini wake m'nthawi yotchulidwa ndi nambala, pamodzi ndi K200 ija.

Woyesa amazimitsa dala data atangodina, n'kudinanso, kenako n'kuona zotsala. Akapeza K1,600 m'malo mwa K6,800, ntchitoyo ibwerere kwa opanga, ngakhale pulogalamuyo ikongole chotani.