Chifukwa chake nsalu ya m'katuni imatamuka ngati mphira

Mukamaonera katuni yopangidwa pakompyuta, diso limatulukira msanga kuti siketi ya munthu ikuyenda mwabodza. Kawirikawiri vuto limakhala limodzi: nsaluyo ikutamuka n'kubwerera ngati mphira. Izi zimachitika chifukwa kompyuta imatenga nsalu ngati timadontho tambirimbiri tolumikizana ndi timasipuling'i, ndipo sipuling'i mwachibadwa imanjanja. Pomwe nsalu ya thonje imapindika mosavuta, koma sitamuka kwenikweni, ndipo ikagwedezeka imakhazikika msanga.

Tiyerekeze mtsikana akuthamanga, kenako waima mwadzidzidzi. Mkulu wa filimu akangouza wopanga katuniyo kuti "siketi iziuluka bwino", sanamuthandize chilichonse. Ayenera kunena chimene chikukankha nsaluyo, kulemera kwake ndi mmene ikuimira: "Ndi ya thonje lokhuthala. Mtsikanayo akaima, m'chiuno muyambe kuima, mpendero upitirire kutsogolo, ubwerere, umenye miyendo, ugwedezeke kamodzi basi." Mawu otere amasanduka manambala. Mu pulogalamu ya Blender, wopangayo amakweza Tension kuti ulusi usatamuke, amasiya Bending pansi kuti makwinya apangike, n'kuwonjezera Damping kuti kugwedezeka kuthe msanga. Zikakanikabe amakweza Quality Steps, ngakhale kuti kompyuta imachedwa nazo. Poyesa, ine ndimakonda nsalu ya maluwa, chifukwa sibisa kanthu: maluwawo akamatalika n'kufupika, nsalu ikutamuka.

Tsitsi lopotana ndiye lovuta zedi, popeza nalonso ndi sipuling'i. Situdiyo ya Pixar inalimbana nalo popanga filimu ya Brave ya 2012. Tsitsi la Merida likafewetsedwa linkawongoka iye akathamanga, likalimbitsidwa linkauma gwa. Anachita kulemba pulogalamu yatsopano yoti mapotedwe azisunga maonekedwe ake tsitsi lonse likuyendabe momasuka. Pofotokoza tsitsi, munene kuti mizu imatsata mutu nthawi yomweyo, nsonga zimachedwa, ndipo limayenda m'magulumagulu.

Pa madzi, chofunika ndi kukula kwa chinthucho. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Madzi ogwa mita imodzi amatenga zithunzi pafupifupi 11, pomwe ogwa mamita 20 amatenga pafupifupi 48. Mukapanda kutchula kutalika, mathithi amaoneka ngati madzi a pampopi, apo ayi a mundowa amatsika mwaulesi ngati uchi. Munenenso kuti akumwazika kukhala madontho ndipo akusiya pansi ponyowa, chifukwa madzi ongogwirana osaduka amaoneka olenda.

Utsi sunjanja n'komwe. Wa kandulo yongozimitsidwa umakwera chowongoka, kenako umayamba kupotana, kufalikira ndi kupyapyala. Wofotokoza atchule kumene ukuchokera, kutentha kwake, kumene mphepo ikulowera, komanso kuti uzimiririka utakwera mpaka pati.