Kalata yopita kwa mfumu isaterereke pa mzere woyamba

Ndakhala zaka zambiri ndikutayipira anthu makalata kuno ku Salima. Ambiri mwa amene amandipeza ndi alembi a makomiti a asodzi, a mipingo ndi mizikiti, komanso a makomiti a sukulu za m'mbali mwa nyanja. Chimene ndaona n'chakuti anthu amathera nthawi yawo pa thunthu la kalata, kufotokoza bwino vuto lawo, koma mizere ya pamwamba amangoilemba mothamanga. Komatu mizere imeneyi ndi imene mlembi wa mfumu kapena wa ku ofesi amayamba kuwerenga. Ndi imene imamuuza kalatayo ndi ya yani, ndiponso ngati olembawo akumudziwa munthu amene akumupempha thandizo. Lero ndikufuna tione mmene tingaunikire dzina, udindo ndi mawu aulemu tisanamate envulopu.

Titenge chitsanzo chimodzi kuti nkhaniyi imveke. Aliyense wa kuno amadziwa za chilumba cha Mbenje, chimene chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo cha m'mwezi wa Epulo. Nyengo yotsegulira ikamayandikira, makomiti a m'madoko amakhala ndi zambiri zoti alembere mfumu. Mnyamata wina, mlembi wa komiti ya doko lina, anandibweretsera kalata yolemba pamanja imene inayamba chonchi:

kwa bambo mfumu Makanjila
T.A MAKANJIRA
Wokondedwa bwana Makanjila.

Pempho limene linali m'munsimo linali lomveka ndi laulemu. Koma m'mizere itatu yokhayi munali zinthu zingapo zofunika kukonza, ndipo tinazikonza chimodzichimodzi.

Choyamba chinali kalembedwe ka dzina. Pamzere wina analemba Makanjila, pamzere wina Makanjira. Kusukulu tinaphunzira kuti m'Chichewa chilembo cha r chimabwera pambuyo pa i ndi e, pamene l amakhala pena ponse. Lamuloli limathandiza pa mawu wamba, koma maina a anthu salimvera nthawi zonse. Malemu Saulos Chilima ankalemba dzina lawo ndi l ngakhale kutsogolo kwake kuli i, ndipo palibe amene akanawalembera kuti Chirima ponena kuti akutsata lamulo. Mwini dzina ndiye lamulo. Choncho ndinamufunsa mnyamatayo ngati komiti yawo ili ndi kalata ina iliyonse yochokera ku bwalo la mfumu. Anali nayo, ndipo tinatsata zilembo za pa chidindo. Chidindo, kalata imene mwini wake anasainira, kapena chiphaso cha unzika, izi ndi mboni zodalirika kuposa khutu, chifukwa pakamwa pa ife ambiri l ndi r amamveka chimodzimodzi.

Pali zilembo zina zimene zimasowa kawirikawiri. Chilembo cha h chimagwa m'maina monga Phiri ndi Khombedza. Dzina la mpando wa Kuluunda lili ndi u awiri otsatizana, ndipo wolemba mofulumira amasiya mmodzi. Kachizindikiro ka m'mwamba kamene kali mu ng' nako si kokongoletsera. Ng'oma ndi chinthu choimba, pamene ngoma ndi nyama ya m'tchire, ndipo onse awiriwa alipo ngati maina a mabanja. Mukachotsa kachizindikiroko mwalembera banja lina. Amene amalemba pafoni achenjere kwambiri apa, popeza foni imakonda kusintha maina a Chichewa kuti afanane ndi mawu a Chingerezi.

Chachiwiri, kalata ija sinatchule boma. Izi zingaoneke zazing'ono mpaka mutakumbukira kuti a Makanjira alipo awiri: wa kuno ku Salima ndi wa ku Mangochi, tsidya la kum'mawa kwa nyanja. Onse ndi mafumu a ndodo, onse ali ndi asodzi. Kalata ikapatsiridwa dalaivala kapena ikadutsa ku ofesi ya boma popanda mzere wonena kuti Salima, wolandira ayenera kuchita kuganizira. Maina otere tili nawo angapo. Mwanza ndi mpando wa ufumu kuno ku Salima, komanso ndi boma la kumalire ndi Mozambique. Kalonga ndi mfumu ya kuno, koma Kalonga Gawa Undi ndi mfumu ya Achewa onse imene imakhala ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Dzina la boma liziikidwa pa mzere wakewake.

Chachitatu ndi mawu akuti "bambo mfumu". Mnyamatayo anaganiza kuti akuwonjezera ulemu, koma pakati pa Akatolika Bambo Mfumu ndi wansembe woyang'anira parishi. Kupatula apo, Makanjira si dzina la banja loti muliikire Bambo kutsogolo ngati mmene timachitira ndi Bambo Banda. Ndi dzina la mpando, ndipo aliyense wolowa ufumuwo amalitenga. Pali chifukwa chinanso chopewera Bambo ngati simunafufuze: si mafumu onse amene ndi amuna. Mpando wa Mwanza kuno kwathu wakhalapo ndi mfumu yachizimayi, ndipo kwa anansi athu a ku Dedza dziko lonse linamva za Theresa Kachindamoto, amene anatchuka pothetsa maukwati a ana. Udindo wokha, Mfumu Yaikulu, umakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe.

Udindowo uyeneranso kukhala wolondola pa msinkhu wake. Nyakwawa, gulupu ndi mfumu ya ndodo ndi maudindo atatu osiyana, ndipo pakati pa mafumu a ndodo palinso ena amene boma linawakweza. Mafumu amakwezedwa, mabwanamkubwa amasamutsidwa, aphunzitsi aakulu amapuma pa ntchito, aphungu ndi makhansala amasintha chisankho chikachitika. Kalata ya chaka chatha imene mukukoperapo ikhoza kukhala ndi udindo wakale. Kumutchula munthu ndi udindo wotsika kumamveka ngati simukuvomereza kukwezedwa kwake. Kumukweza mopitirira nakonso kumabweretsa mavuto, makamaka kalatayo ikadzera m'manja mwa wamkulu wake. Njira yachidule ndiyo kufunsa mlembi wa pabwalopo kapena mesenjala wa pa ofesi. Ngati mukulembera ofesi ya boma ndipo nkhaniyo ndi ya ntchito, lembani udindo wokha, monga Bwanamkubwa, Salima, osaika dzina la munthu. Kalata yokhala ndi dzina la munthu amene anasamuka imatha kukhala osatsegulidwa, kudikira mwini wake.

Chachinayi ndi malembo aakulu. M'mizere ya adiresi ndi m'malonje, mawu a udindo amayamba ndi chilembo chachikulu: Kwa Mfumu Yaikulu Makanjira. Mkati mwa kalata, pamene mukunena za mafumu wamba, chilembo chaching'ono chimakwanira, monga "tinakumana ndi mafumu a m'dera lathu". Kachilembo kaulemu ka a, kamene timaika kutsogolo kwa dzina, ine ndimakalemba pakokha ndiponso kakang'ono, monga mmene nyuzipepala zambiri zimachitira: a Phiri, a Mwale. Kamakula pokhapokha kakayamba chiganizo. Dzina lenilenilo limasunga chilembo chake chachikulu. Kulemba dzina lonse m'malembo aakulu pamzere umodzi, kenako m'malembo wamba pamzere wina, kumangoonetsa kuti kalatayo sinawerengedwenso. Palinso maina amene ali ndi kamawu kakang'ono pakati, monga Bingu wa Mutharika, pamene wa amakhala wamng'ono.

Chachisanu ndi malonje enieniwo. Mawu akuti Wokondedwa amanena munthu mmodzi, ndipo amakhala bwino polembera mnzanu kapena mwana wanu. Kwa wamkulu timachulukitsa, n'kunena kuti Okondedwa kapena Olemekezeka, ndipo mukatero ulemuwo upitirire kalata yonse: inu, mwa inu, tikukupemphani. Kuno mfumu ya ndodo timaitchula kuti Gogo Chalo, ndipo mawuwa amakwanira okha m'malonje. Musaunjike maulemu ngati matumba a usipa pa lole. Olemekezeka Bwana Bambo Mfumu sikuposa Olemekezeka Gogo Chalo pa ulemu. Chimodzimodzi kwa abale athu Achiyao: Che ndi ulemu kale, choncho simufunika kuikanso Bambo kutsogolo kwake. Mtsogoleri wa mzikiti ndi Shehe, wa mpingo wa CCAP ndi Abusa, ndipo kusokoneza awiriwa m'dera ngati lathu, mmene Asilamu ndi Akhristu amakhala khomo ndi khomo, n'kosavuta ngati mukutumiza kalata imodzi kwa anthu ambiri n'kumangosintha dzina.

Pomaliza panali zizindikiro za m'kalembedwe. Malonje amathera ndi mpatuliro, osati mpumiro, chifukwa mawu akupitirira m'munsimo. Chidule cha udindo chilembedwe mwa njira imodzi: ngati mwasankha T/A, chikhale chomwecho pa envulopu ndi m'kati. Koma m'malonje musafupikitse udindo, ulembeni wonse. Titamaliza, pamwamba pa kalata ija panaoneka chonchi:

Kwa Mfumu Yaikulu Makanjira
Salima

Olemekezeka Gogo Chalo,

Pakati pa adiresi ndi malonje tinawonjezera mzere wa "Kudzera kwa Gulupu", n'kuikapo dzina la gulupu wa doko lawo, limenenso tinalitenga pa chidindo. Mzere umenewu ndi mbali ya ulemu womwewo. Kalata yodumpha gulupu imatha kubwezedwa kuti ikayambire koyenera, ndipo kwa munthu wochokera kudoko lakutali kubwezedwa ndi ndalama ya kabaza ulendo wachiwiri komanso tsiku lina lotayika, pamene tsiku lotsegulira chilumba silidikira munthu.

Kaunikidwe kamene ndimatsata sikatenga mphindi zisanu. Ndimaika chidindo kapena chiphaso pambali pa kalata n'kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo, chala chili papepala, chifukwa diso likazolowera dzina limadziwerengera zimene palibe. Kenako ndimayang'ana malo onse amene dzinalo lalembedwa: pa envulopu, pa adiresi, m'malonje ndi mkati, kuti lifanane. Ngati kalatayo ikupita kwa anthu angapo, iliyonse ndimaiwerenga payokha, popeza apa ndi pamene dzina la Abusa limatsalira pa kalata ya Shehe. Ndikatero ndimapempha munthu wa m'deralo, makamaka wachikulire, kuti awerenge malonjewo mokweza. Akadodoma kapena akaseka, ndiye kuti pali mawu amene anthu a kumeneko sayankhula choncho, ndipo ndi bwino kuwasintha kalata isanachoke pa tebulo.