Pepala Limodzi Musanayambe Chimangirizo cha Mbiri

Wophunzira wa fomu 4 amene waloweza notsi za John Chilembwe amatha kutchula mosadodoma zifukwa za kuukira kwa mu 1915: thangata, msonkho, nkhanza za azungu a m'minda, nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Koma akapatsidwa funso la mayeso loti afotokoze chifukwa chake anthu anaukira, kawirikawiri amangondandalika mitu imeneyi, uliwonse pamzere pake, nayamba kusimba za ubwana wa Chilembwe ndi ulendo wake wa ku Amereka mu 1897. Zimene walembazo n'zoona ndithu, koma funso silinayankhidwe. Vuto limakhala loti notsi zinasanjidwa motsata nthawi, pamene funso likufuna kuti zisanjidwe motsata zifukwa.

Pepala la pulani limathandiza pamenepa. Lili ngati chikombole cha njerwa: nkhani imasintha, koma maonekedwe a ndime amatuluka ofanana. Mphunzitsi kapena wophunzira angalikonze ndi rula ndi cholembera basi. Pamwamba pamalembedwa funso monga momwe lilili, ndipo mawu olamula, kaya ndi "fotokozani", "longosolani" kapena "kambiranani", amadulidwa mzere kunsi. Pansi pake pamasiyidwa malo a chiganizo chimodzi chokha, chimene ndi yankho lonse mwachidule. Kenako pamajambulidwa tebulo la zigawo zitatu zotsika: mfundo, umboni, ndi chigawo chofunsa kuti "izi zinafikitsa bwanji anthu pa chimene chinachitikacho?" Mzere uliwonse wopingasa udzasanduka ndime imodzi.

Tiyese ndi thangata. M'chigawo choyamba wophunzira alemba kuti anthu okhala m'minda ya azungu ankakakamizidwa kugwira ntchito m'malo molipira lendi. M'chigawo cha umboni muyenera kulowa dzina, malo kapena chaka, osati kubwereza mfundo ija ndi mawu ena. Apa alemba za minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone ankadziwika ndi nkhanza, ndiponso kumene nyumba zopemphereramo za anthu a mpingo wa Chilembwe zinatenthedwa. Angawonjezere kuti ambiri mwa ogwira ntchitowo anali Alomwe ochokera ku Mozambiki, amene analibe malo awoawo oti n'kuthawirako.

Chigawo chachitatu n'chimene ambiri amachilumpha, chonsecho ndi chimene chimasiyanitsa chimangirizo ndi mndandanda. Thangata inalipo m'minda yambiri ya ku Shire Highlands, nanga bwanji moto unabuka ku Chiradzulu? Wophunzira woganiza alemba kuti mishoni ya Providence Industrial Mission, imene Chilembwe anakhazikitsa ku Mbombwe mu 1900, inali moyandikana ndi minda ya Bruce, motero anthu ozunzikawo anali ndi poti n'kutulira madandaulo, ndi mtsogoleri woti n'kuwasonkhanitsa. N'chifukwa chake usiku wa pa 23 Januwale 1915 gulu lina linalunjika kunyumba ya Livingstone n'kumupha. Chigawo ichi chikatsala chopanda kanthu, wophunzira adziwe kuti mfundoyo wangoiloweza, sanaimvetse, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi m'kalasi kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso.

Pali kachizindikiro kena koyenera kuika m'mbali mwa mzere uliwonse, kosonyeza ngati chifukwacho n'chakale kapena n'chimene chinayatsa moto. Thangata ndi msonkho wa nyumba zinasautsa anthu kwa zaka zambiri popanda kuukira. Nkhondo ndiyo inabwera kumapeto: mu Seputembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga pakati pa Angerezi ndi Ajeremani, asilikali achikuda nafa, ndipo mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza. Ndime zikasanjidwa kuyambira zakale kufikira zomalizazi, wowerenga amaona yekha chifukwa chake zinthu zinaphulika mu 1915 osati mu 1910.

Funso la zotsatira limagwiritsa ntchito tebulo lomweli, kungoti chigawo chachitatu chimatembenuka n'kufunsa kuti "izi zinachokera bwanji ku kuukirako?" Zotsatira za pompopompo sizivuta: Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 akulowera kumalire a Mozambiki, tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagumulidwa, otsatira ake ambiri anaphedwa ndipo ena anaikidwa m'ndende, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinayambitsa chipolowecho, ndipo mishoniyo sinatsegulidwenso mpaka mu 1926 pansi pa Dr Daniel Malikebu. Msampha uli pa zotsatira zapatali. Ophunzira ena amalemba kuti kuukiraku ndiko kunabala mabungwe a anthu akuda omenyera ufulu wawo. Koma bungwe la North Nyasa Native Association linayamba mu 1912, zaka zitatu kuukirako kusanachitike. Ndiye chifukwa chake ndimakakamira kuti pa mzere uliwonse pakhale chaka: chinthu sichingakhale chotsatira cha chimene chinabwera pambuyo pake, ndipo chaka chimaulula cholakwikacho nthawi yomweyo. Chimodzimodzi amene alemba kuti Chilembwe ndiye anabweretsa ufulu wa mu 1964 ali ndi zaka 49 zoti afotokoze m'chigawo chachitatu. Akalephera, achepetse mawu ake, anene kuti omenyera ufulu a m'tsogolo anamutenga ngati chitsanzo.

Pa umboni pali funso lina laling'ono loyenera kulembedwa m'munsi mwa tebulo: ananena ndani, liti, ndipo anali mbali iti? Kalata ya Chilembwe ya mu 1914 ndi mawu ake enieni, olembedwa zinthu zisanachitike. Lipoti la bungwe lofufuza lija linalembedwa ndi anthu osankhidwa ndi boma la atsamunda, limene linali ndi chifukwa chokankhira mlandu kwa kapitawo mmodzi ndi mipingo ina m'malo modziloza lokha. Nkhani ya George Simeon Mwase, imene imanena kuti Chilembwe anasankha kufa ngati nsembe, inalembedwa patapita zaka zoposa 15, ndipo Mwase sanali nawo pa kuukirako, anachita kumva kwa mmodzi mwa amene anamangidwa. Maumboni atatuwa ndi othandiza onse, koma salemera mofanana, ndipo chiganizo chimodzi chosonyeza kuti wophunzira akudziwa zimenezi chimakweza ndime yonse.

Pepalali lili ndi malire ake. Mphunzitsi akaligawa lodzazadzaza kale, lasanduka notsi zina zoloweza, ndipo funso likangosintha pang'ono, mwachitsanzo kufunsa chifukwa chake kuukirako kunalephera, wophunzira amakhuthula zifukwa za kuukira zomwe zija pa funso lolakwika. Ndi bwino kudzaza mzere umodzi pamodzi pa bolodi, wachiwiri m'magulu, yotsalayo aliyense payekha buku litatsekedwa. Funso la kulephera kwa kuukira n'labwino poyesera, chifukwa limafuna umboni wina kotheratu: gulu limene linatumidwa kukalanda mfuti kunkhokwe ya Mandala ku Blantyre linabwerako ndi mfuti zochepa chabe, mafumu ambiri sanalowe nawo, ndipo gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu linabalalika lisanachite kanthu.

M'chipinda cha mayeso simulowa pepala lochokera kunyumba, choncho tebuloli liyenera kukhala losavuta moti munthu n'kulijambula pamtima m'mphindi zisanu. Mawu awiri kapena atatu pa bokosi lililonse akwana, monga "Bruce, Magomero, matchalitchi" kapena "Karonga 1914, kalata". Chiwerengero cha mizere chitsatire zimene funso lapempha: likati mfundo zinayi, mizere ikhale inayi, ndipo mfundo yachisanu, ngakhale ikome chotani, isiyidwe.