Pepala la mayankho nalonso lichongedwe

Mayeso a Sitandade 8 akamayandikira, mapepala a mafunso oyeserera amachuluka m'sukulu za ku Kasungu. Ena amajambulitsidwa paboma, ena amafika pafoni mpaka ku Santhe ndi ku Chamama, ndipo ambiri amabwera ndi mayankho osindikiza kale. Mayankhowo ndi amene aphunzitsi amawakhulupirira mopitirira muyezo.

Taonani funso ili la masamu: wamalonda wagula belo la fodya pa K400,000 n'kuligulitsa pa K500,000, kodi phindu lake ndi maperesenti angati? Pepala la mayankho likuti 20. Mwana wodziwa bwino wachotsera n'kupeza phindu la K100,000, waligawa ndi mtengo wogulira, wachulukitsa ndi 100, wapeza 25. Wakhoza mwanayo, koma cholembera chofiira chimupatsa mtanda. Wokonza mayankho anagawa phindu ndi mtengo wogulitsira, cholakwa chomwe ana ambiri amachitanso, moti m'kalasimo olakwa ndiwo alandira chongi. Chikhalirecho kugwira cholakwachi sikutenga mphindi ziwiri. Bwezerani yankho m'funso: maperesenti 20 a K400,000 ndi K80,000, kutanthauza kuti belo likanagulitsidwa pa K480,000, mtengo umene m'funsomo mulibe. Maperesenti 25 ndi K100,000, ndipo tafika pa K500,000 ndendende.

Aphunzitsi ena amatsutsa. Amati kalasi ya ana oposa 100 siyipatsa munthu mpata wowerengeranso samu iliyonse, ndipo pepala la mayankho cholinga chake n'kupeputsa ntchito. Dandauloli n'lomveka, koma kuchuluka kwa anako n'kumene kukufuna kuti pepalalo liyambe layesedwa. Mafunso 20 mphunzitsi amawayankha kamodzi, pomwe yankho limodzi lolakwika limabwerezedwa m'makope onse, kenaka pamafunika kuwatoleranso, kufufuta malikisi ndi kuwongola zomwe zakhazikika kale m'mitu mwa ana. Enanso amati wosindikiza amadziwa kuposa iwo. Koma pepala lodutsa m'manja ambiri limasintha panjira. Wotayipa akachotsa funso 7 osachotsa yankho lake, mayankho onse otsatira amaphonyana ndi mafunso, ndipo pa mafunso osankha A, B, C kapena D diso siliona kanthu.

N'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kuyankha yekha atavundikira pepala la mayankho, chifukwa akaliona kaye maganizo amatsata nambala yomwe waiona. Pomwe asiyana ndi pepala, awerengere mwa njira ina kapena afunse mnzake wa phunzirolo, popeza nayenso angaphonye. Nthawi ikachepa zedi, ayambe kuchonga makope a ana asanu odalirika. Onsewo akalemba yankho limodzi losiyana ndi la pepala, aimitse kuchonga n'kuwerengera funsolo bwinobwino.

Kumidzi kuno pepala limodzi limabwerekanidwa ndi sukulu zoyandikana, ndipo limasungidwa muofesi ya ahedi kudikira chaka chamawa. Mphunzitsi amene wapeza cholakwa achikonze ndi inki pa pepala lenilenilo, lisanapitenso kokajambulitsa.