Kugawa lipoti lalitali la PDF m'mitu yake

Lipoti la masamba 120 limatopetsa munthu amene akufuna mutu umodzi wokha. Mungamudulire mutuwo popanda pulogalamu yapadera. Tsegulani lipotilo mu Chrome, dinani Ctrl+P, sankhani Save as PDF, ndipo pa Pages lembani masamba amene mukufuna.

Koma samalani ndi manambala. Kompyuta imayamba kuwerenga pa chikuto, pomwe manambala osindikizidwa amayambira patsogolo. Ngati masamba 6 oyambirira alibe manambala, mutu wa masamba 21 mpaka 38 mulembe 27-44. Mukalakwitsa, fayilo imayambira m'mutu wam'mbuyo n'kuthera panjira.

Choncho musanatumize, onani tsamba loyamba ndi lomaliza. Fayilo iliyonse muipatse dzina la mutu wake, ndipo lipoti lathunthu lija musalifufute.