Mantha a Kufunsa pa Ntchito Yoyamba: Phunziro Lochokera m'Wodi ya Chipatala

Munthu akangoyamba ntchito yake yoyamba amakhala ndi mtolo umene anzake sauona. Setifiketi ali nayo, mayeso adapambana, koma pakatha masabata ochepa amayamba kuganiza mumtima mwake kuti mwina adamulemba ntchito molakwitsa. Zinthu zimene anzake amachita mosavutika, iye zimamutengera nthaŵi yaitali. Akafuna kufunsa lilime limalemera, chifukwa amaopa kuti funso lake liulula umbuli umene wakhala akuubisa. Nkhani ya lero ikufotokoza gwero la mantha ameneŵa ndi mtengo wake. Chitsanzo chake ndi namwino watsopano m'wodi ya chipatala, popeza kumeneko zotsatira za kusafunsa zimatha kuŵerengeka ndi manambala.

Choyamba chofunika kuchimvetsa nchakuti kudziona wopereŵera m'miyezi yoyamba sikutanthauza kuti munthu sadaphunzire bwino. M'chaka cha 1974, namwino wina wa ku Amereka, Marlene Kramer, adalemba buku lofotokoza zimene zimachitikira anamwino ongomaliza kumene maphunziro. Iye adaona kuti poyamba amakhala ndi chimwemwe chokhachokha, koma kenaka amadzidzimuka poona kuti ntchito yeniyeni ndi yosiyana ndi zimene ankayembekeza ali kusukulu, ndipo ena amafika poisiya. Patapita zaka khumi, mu 1984, namwino winanso, Patricia Benner, adalongosola masitepe asanu amene namwino amakwera kuchokera pa ulendo kufika pa ukatswiri. Malinga ndi kufotokoza kwake, sitepe yachitatu, pamene munthu amatha kulinganiza ntchito yake modzidalira, imafikidwa atakhala pa ntchito ya mtundu umodzi kwa zaka ziŵiri kapena zitatu. Motero wantchito wa miyezi iŵiri amene akudziyerekeza ndi mnzake wa zaka zisanu akudziyesa ndi muyeso wosayenera.

Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Sukulu imaphunzitsa malamulo a ntchito amene ali amodzimodzi kulikonse. Koma malo alionse a ntchito ali ndi zinthu zawozawo zimene sizidalembedwe m'buku lililonse: kumene kumakhala makiyi a kabati ya mankhwala, kalembedwe ka dokotala wakutiwakuti, mtundu wa zipangizo zimene zabwera kuchokera kusitolo mwezi uno. Nzeru zoterezi zili m'mitu ya anthu amene akhalitsa pamalopo, ndipo njira yokha yozipezera ndiyo kufunsa. Tsoka lake nlakuti okhalitsawo adazizoloŵera kwambiri mwakuti adaiŵala kuti nawonso adachita kuuzidwa. Akaona mlendo ali chete, amayesa kuti wamvetsa. Mlendoyo akaona kuti palibe wina akufunsa, amayesa kuti ndiye yekha wosadziŵa. Mbali zonse ziŵiri zimamva molakwa kukhala chete kwa inzake.

Nachi chitsanzo. Namwino wina ali m'sabata yake yachitatu ndipo ali pa ntchito ya usiku. Dokotala walemba kuti wodwala wina wamkulu, amene watha madzi m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba, alandire diripi ya mamililita 1,000 m'maola 8. Pa wodiyo palibe makina oyendetsera diripi, kotero kuti liŵiro la madzi liyenera kutcheredwa ndi dzanja, poŵerenga madontho amene akugwa m'kabotolo kakang'ono ka pa paipi. Masamu ake namwinoyo akuŵadziŵa bwino. Paipi imene adaphunzirira kusukulu imatulutsa madontho 20 pa mililita imodzi. Achulukitsa 1,000 ndi 20, napeza madontho 20,000. Maola 8 ali ndi mphindi 480. Agaŵa 20,000 ndi 480, napeza madontho pafupifupi 42 pa mphindi iliyonse.

Koma potchera, aona kuti paipi imene mnzake wa masana adamangirira pa thumba la madzi ikuoneka mwachilendo. M'kabotolo muja muli kachitsulo kowonda ngati singano, ndipo madontho ake ndi ang'onoang'ono. Pepala limene paipiyo idakulungidwamo, pamene pamalembedwa chiŵerengero cha madontho, lidatayidwa kale. Mtima ukumuuza kuti pali china chosiyana. Sisitala woyang'anira wodi ali chapafupi, akulemba lipoti. Namwinoyo akumbukira kuti usiku womwewo wafunsa kale kaŵiri, ndipo aganiza kuti funso lachitatu, makamaka la diripi imene wophunzira aliyense amayenera kuidziŵa, limuchotsera ulemu. Atchera madontho 42 nachoka.

Chimene sadafunsecho ndi ichi. Mapaipi a diripi sali a mtundu umodzi. Ambiri amatulutsa madontho 20 pa mililita, ena 15, koma a madontho ang'onoang'ono, amene kaŵirikaŵiri amagwiritsidwa ntchito kwa ana, amatulutsa madontho 60 pa mililita. Paipi ya kachitsulo kowonda ija inali ya 60. Pa paipi yotere, madzi omwewo m'maola omwewo amafuna madontho 125 pa mphindi. Potchera 42, namwinoyo wapatsa wodwala gawo limodzi lokha la magawo atatu a madzi amene dokotala adalamula. Pakutha pa maola aŵiri m'thumba muyenera kukhala mutachoka mamililita 250, koma mwachoka 84 okha. Thumba limene limayenera kutha m'maola 8 lingatenge pafupifupi tsiku lathunthu, pamene wodwala akupitirira kuuma. Cholakwa chikatembenuka chimaopsa koposa: kutchera madontho 125 pa paipi ya 20 kumatsanulira thumba lonse m'thupi pasanathe maola atatu, ndipo kwa mwana kapena munthu wa mtima wofooka madzi othamanga chotero angathe kudzaza m'mapapo.

Cholakwa choterechi chimadziŵika poyang'ana mizere ya muyeso imene ili pa thumba. Namwino wosamala amadziŵa kuti pa ola lililonse payenera kuchoka mamililita 125, ndipo amabwerera kukaona ngati madzi atsika kufika pamene ayenera kufika. Apa mpamene mtengo wa kusafunsa umaonekera poyera. Pa mphindi yoyamba, funso likadatenga masekondi ochepa ndipo likadangoonetsa kuti namwinoyo ali ndi diso lakuthwa. Patapita maola aŵiri, funso lomwelo lasanduka kuulula cholakwa. Kukacha, pa nthaŵi yopatsana lipoti, lasanduka mlandu wofotokozedwa pamaso pa dokotala ndi anzake onse. Funso silitsika mtengo polisunga. Limakwera ola lililonse. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo m'chipatala phulalo amadya ndi wodwala.

Nanga funso labwino limafunsidwa motani? Wantchito watsopano amaopa chifukwa amaganiza kuti kufunsa ndiko kunena kuti sadziŵa kanthu. Koma funso lingathe kunyamula zimene munthu akudziŵa pamodzi ndi chimene chikumusoŵa. Namwino uja akadatha kunena kuti, "Sisitala, pepani ndakudulani. Wodwala wa pabedi lachinayi ayenera kulandira mamililita 1,000 m'maola 8. Ndapeza madontho 42 ngati paipi ili ya 20, koma paipi iyi madontho ake ndi ang'ono ndipo pepala lake palibe. Kodi ndi ya 60?" Funso lotere latchula ntchito, laonetsa masamu amene achitika, laloza malo enieni a chikayiko, ndipo lingayankhidwe ndi mau amodzi. Munthu wotanganidwa sakwiya nalo monga momwe angakwiyire ndi mau akuti "sindikumvetsa za diripi", amene amamukakamiza kuyamba phunziro lonse kuchokera pachiyambi.

Ndi bwinonso kusiyanitsa mafunso osadikira ndi mafunso odikira. Chilichonse chimene chikalakwika sichingabwezedwe, monga mankhwala kapena madzi oloŵa m'thupi la munthu, chiyenera kufunsidwa dzanja lisanagwire ntchito, ngakhale wofunsidwayo akhale wotanganidwa chotani. Zina, monga kadzazidwe ka fomu yoitanitsira zipangizo kusitolo, zingalembedwe m'kabuku ka m'thumba ndi kufunsidwa pamodzi pa nthaŵi yabata. Yankho nalo lilembedwe m'kabuku komweko. Kaŵirikaŵiri chimene chimatopetsa okhalitsa si funso latsopano ayi, koma funso lomwelomwelo lobwera kachinayi.

Komabe sikungakhale chilungamo kusenzetsa mlendo yekha mtolo wonse. Mu 1996, Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard adafalitsa zimene adapeza atafufuza magulu asanu ndi atatu a anamwino m'zipatala ziŵiri za ku Amereka. Iye ankayembekeza kuti magulu otsogozedwa bwino apezeka ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Adadabwa kuona kuti magulu amenewo ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama, adaona kuti kumene mtsogoleri anali wofikirika anthu ankaulula zolakwa momasuka, pamene kumene anali waukali ankazibisa. Phunziro lake nlakuti wodi imene simumveka mafunso siyenera kutengedwa ngati wodi ya akatswiri. Ingathe kukhala wodi ya anthu amantha. Sisitala wanzeru safunsa mlendo kuti, "Mwamva?" pakuti mwaulemu wathu wamng'ono amayankha kuti inde ngakhale asanamve. M'malo mwake amati, "Tandiuzani, mutchera madontho angati, ndipo pakatha ola madzi akhala atafika pati?" Yankho la funso lotere limaonetsa pamene pali mpata popanda kuchititsa munthu manyazi.

Pali malo ena kumene wamkulu amayankha funso ndi mnyozo, ndipo kafunsidwe kabwino sikasintha mtima wake. Kumeneko wantchito watsopano amachita bwino kupeza mnzake mmodzi amene adamutsogolera ndi chaka chimodzi kapena ziŵiri, popeza ameneyo akukumbukirabe zimene zidamuvuta. Koma pa nkhani yokhudza moyo wa wodwala, ukali wa wamkulu si chifukwa chokhalira chete. Kukalipiridwa kumaiŵalika pakutha pa sabata, pamene madzi oloŵa m'mtsempha sabwerera m'thumba.

Chizindikiro chakuti munthu akukula pa ntchito si kutha kwa mafunso, koma kusintha kwake. M'mwezi woyamba amafunsa kumene zinthu zimakhala. M'mwezi wachisanu ndi chimodzi amafunsa chifukwa chimene dokotala wachepetsera madzi a wodwala uyu kusiyana ndi uja. Ndipo tsiku lina, namwino watsopano akadzaima pafupi ndi bedi akuyang'anitsitsa paipi mokayika, iye ndiye adzayandikira ndi kumuuza mofatsa kuti mapaipi a m'wodi muno ali a mitundu iŵiri, asanadikire kufunsidwa.