Njere ya mpunga ikwanira pamswachi wa mwana

Dotolo wa mano akamalangiza makolo pa wailesi, sangawaonetse mswachi. Ndiye potchula muyeso wa mankhwala otsukira mano, aja ambiri amangowatcha kolugeti, amagwiritsa ntchito mbewu zomwe aliyense amazidziwa.

Mwana wosafika zaka 3 amafunika kadontho kofanana ndi njere imodzi ya mpunga, kongopaka pamswachi. Kuyambira zaka 3 mpaka 6, muyeso wake ndi njere ya nsawawa. Mzere wodzaza mswachi wonse uja umakongola pa zithunzi za malonda basi.

Chochepetsera muyeso ndi fulorayidi, mchere wa m'mankhwalawa womwe umalimbitsa dzino kuti lisaole. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kulavula, ndipo mankhwala akamukomera amangomeza. Akamameza ochuluka tsiku ndi tsiku, mano achikulire omwe akupangika m'nkhama amadzatuluka ndi madontho oyera, nthawi zina ofiirira, osachoka ndi mswachi. Kumadera komwe madzi a pamjigo ali kale ndi fulorayidi wambiri, kusamala muyeso n'kofunika kwambiri. Komabe mankhwala opanda mcherewu sateteza mokwanira, choncho pogula kholo liyang'ane pachubu ngati palembedwa 1000 ppm kapena kuposerapo.

Kutsuka kumayamba dzino loyamba likangomera, kawirikawiri mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kuzichitika kawiri pa tsiku, ndipo kosadumphitsa ndi kwa usiku, chifukwa munthu akagona malovu otsuka m'kamwa amachepa.

Taganizirani mwana wa zaka ziwiri yemwe amaluma mano akaona mswachi. Mayi amakhala pamkeka n'kumugoneka chagada, mutu uli pamiyendo pawo, kuti aziona m'kamwa monse. Ndi chala amakweza mlomo wam'mwamba, kenako amayendetsa kamswachi kofewa mozunguliza pang'onopang'ono pomwe dzino lakumana ndi nkhama. Amatsuka kunja, m'kati ndi pamwamba potafunira, kwa mphindi ngati ziwiri. Akamaliza, mwana alavule ngati angathe, koma asachukuche ndi madzi, kuti fulorayidi atsalire pamano. Akatero sapatsidwanso tiyi, phala la shuga kapena zakumwa zotsekemera mpaka m'mawa.

Kukweza mlomo kuja kumathandizanso kuona vuto msanga. Kuola kumayamba ngati kamzere koyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, makamaka pamano am'mwamba akutsogolo. Pamenepo dzino lingathe kupulumuka, koma likasanduka lofiirira kapena kubooka, mwana apite naye kwa a zamano kuchipatala. Mano oyambawa, omwe amakwana 20, amasungira malo mano achikulire, ndipo ena akumbuyo sagweluka mpaka zaka 11 kapena 12.

Mwana akalimbikira kuti atsuka yekha, apatsidwe mswachi, koma wamkulu ndiye aziika mankhwala ndi kubwereza kutsukako mpaka mwanayo atafika zaka 7 kapena 8.